"Thu handiredi fifite... ayi pepani, eyite": nanga mlembi alembe ziti?

Pali kalamulo kamene ife otayipa zokambirana zojambulidwa timakonda kuuzana, koti munthu akatchula nambala kenako n'kudzikonza yekha, iwe ingotenga yomalizayo upitirize. Pa zinthu zophweka kamagwira ndithu, wina akati "tinalipo anthu teni, ayi thwelofu" palibe chovuta apo, ndi 12 basi. Koma ine ntchito yanga ndi yomvetsera marekodi a misonkhano kuno ku Blantyre, ya banki mkhonde, ya makomiti a kutchalitchi, pena ya anthu ochita kafukufuku m'madera, ndipo ndaona kuti kalamuloka kakafika pa ndalama ndi madeti kamakusocheretsa iwe uli ndi chikhulupiriro chonse kuti walemba zoona. Usanalembe nambala uyenera kudziwa kuti munthuyu wakonza chiyani kwenikweni, komanso ngati wakonza ndi iye mwini kapena wina wangomulowerera.

Ndikufuna ndikuyendetseni mu rekodi imodzi, chifukwa muli pafupifupi zonse zimene zimavutitsa. Ndi ya gulu lina la banki mkhonde ku Bangwe, amayi okhaokha, msonkhano wa mu Disembala 2024 atatsala pang'ono kugawana. Mlembi wawo anajambula pa foni, kenako anandibweretsera kuti ndimuthandize kutulutsa maminitsi abwino poti panali kusamvana pa ngongole zina. Mayina sinditchula, ndizingoti msungichuma, a tcheya, ndi mamembala ndi manambala awo a m'buku. Malamulo a gululi ndi oti ngongole imabwezedwa ndi chiongoladzanja cha 20 pa 100 iliyonse pa mwezi, ndipo wochedwetsa kupereka amalipira chindapusa cha K5,000. Amakumana Lamulungu masana.

Pa 00:14:20 msungichuma akuwerenga lipoti, akuti:

"Nambala seveni anatenga thu handiredi fifite sauzande pa satini Juni... aaa ayi pepani, eyite."

Ndiye taimani pomwepo. Kuti pakonzedwa china chake zikumveka, "ayi pepani" uja sabisika. Koma "eyite" ameneyu akulowa m'malo mwa chani? Akhoza kukhala kuti akuchotsa fifite yekhayo, ndalama n'kukhala K280,000. Akhoza kukhala kuti akuchotsa nambala yonse, ngongole n'kukhala K80,000. Ndipo pali njira yachitatu imene ambiri saiganizira, yoti mwina mayiwa sananene "eyite" koma "eyitini", ndiye akukonza deti, kuchoka pa 13 Juni kupita pa 18 Juni, ndalama zili pomwe zinali. Njira yachitatuyi si yongopeka ayi, chifukwa deti ndi limene linali lomaliza kutchulidwa asanadzikonze, ndipo kawirikawiri munthu amakonza chimene changotuluka kumene mkamwa. Wotsatira kalamulo kaja apa alemba 80 kapena 18 n'kupitirira, osadziwa n'komwe kuti wasankha pakati pa zinthu zitatu.

Vuto la eyite ndi eyitini tonse timalidziwa, ndi lomwe lija la sate ndi satini, fote ndi fotini, fifite ndi fifitini. Manambala a ndalama ndi madeti ambirife timatchula a Chingerezi, ndipo kusiyana konse kuli pa kamawu kakumapeto, "te" kapena "tini". Munthu akamalankhula mothamanga kamawuka kamamezedwa, makamaka patsogolo pakabwera "sauzande", fifitini sauzande ndi fifite sauzande zimatuluka ngati chinthu chimodzi, pomwe kusiyana kwake ndi K35,000. Onjezerani kuti foni inali pa mpando patali ndi wolankhula, mwana akulira, minibasi ikuimba hutala kumsewu, ndiye rekodiyo yadutsanso pa WhatsApp. N'chifukwa chake ine ndimapempha fayilo yeniyeni yochokera mufoni imene inajambula, pa kebulo kapena pa memole khadi, osati yotumizidwatumizidwa.

Choyamba kuchita ndi kumvetseranso, koma mwadongosolo. Ndimagwiritsa ntchito pulogalamu yomvetserera marekodi ya VLC pa laputopu, ndi mahedifoni otseka makutu onse awiri, osati sipika. Batani la `[` limachepetsa liwiro pang'onopang'ono, `]` limaonjezera, `=` limabwezera pamalo pake, ndipo `Shift` pamodzi ndi kamuvi koloza kumanzere imabweza masekondi atatu. Ndimatsitsa liwiro kufika pa 0.80 kapena 0.70, kupitirira apo mawu amayamba kukokeka moti amakusokoneza kuposa kukuthandiza. Ndipo musamangobwereza kamawu kamodziko kokha, yambani chiganizo chonse kuchokera kumbuyo. Khutu likamva kachidutswa kamodzi mobwerezabwereza limayamba kumva chimene mutu ukufuna, ukaganiza eyitini umva eyitini, ukaganiza eyite umva eyite. Ndikamvetsera katatu kapena kanayi osatsimikiza ndimasiya, ndimaika chizindikiro, n'kupita kukafuna umboni kwina mu rekodi momwemo.

Njira ina imene imathandiza kwambiri ndi kufufuza malo ena pamene munthu yemweyo watchula nambala yofanana nayo momveka bwino. Aliyense ali ndi katchulidwe kake. Msungichuma ameneyu akamanena za "tini" amakoka, "fifitiini", ndipo ndinakupeza kumayambiriro pamene amati mamembala amene afika ndi fifitini, mlembi n'kuwawerenga mayina 15. Pa 00:14:20 panalibe kukoka koteroko, mawu anadulidwa mwachidule. Izi zinandipendeketsa ku eyite, koma sizinathetse nkhani ya 280 kapena 80.

Umboni weniweni unabwera patangopita masekondi ochepa. Pa 00:15:05 akuti nambala seveni anapereka chiongoladzanja cha mwezi woyamba "fifite sikisi sauzande". Apa ndi masamu basi. 20 pa 100 ya K250,000 ndi K50,000. Ya K80,000 ndi K16,000. Ya K280,000 ndi K56,000. Ndiye mwa njira zitatu zija imene ikugwirizana ndi chiongoladzanja ndi imodzi yokha, K280,000, kutanthauza kuti mayiwa anakonza gawo la nambala lokha, fifite kukhala eyite, thu handiredi uja anamusiya poganiza kuti aliyense wamva kale. Umu ndi mmene anthu timadzikonzera nthawi zambiri, sitibwereza nambala yonse, timangosintha kachidutswa kolakwikako. Amene ali mumsonkhano amamva bwinobwino chifukwa akudziwa nkhani, akuona nkhope, mwina akuonanso chala chili pa buku. Wotayipa alibe zonsezo, ali ndi mawu okha.

Nambala ya ndalama kawirikawiri siyenda yokha, imakhala ndi abale ake mu zokambiranazo, chiongoladzanja, chiwerengero cha masheya, zotsala, zonse pamodzi. Ukakayikira imodzi funsa abale akewo.

Koma abale omwewo ndi amene amabweretsa vuto lachiwiri. Pa 00:16:40 msungichuma akumaliza gawoli, akuti ngongole zitatu zikuluzikulu, ya nambala seveni, ya nambala foro K150,000, ndi ya nambala leveni K120,000, zonse pamodzi ndi "faifi handiredi thwente sauzande". Tawonkhetsani. 280 ndi 150 ndi 120 zikupereka 550. Kuti mupeze 520 muyenera kubwezeretsa 250 ija. Ndiye chimene chinachitika chikuoneka, mayiwa anawonkhetsa kunyumba pa kapepala ndi nambala yakale, mumsonkhano anakonza mzere umodzi atayang'ana m'buku (mu rekodi mukumveka mapepala akutembenuzidwa "ayi pepani" asanatuluke), koma zonse pamodzi anangowerenga momwe zinalili pa kapepalako. Palibe amene anadabwa, msonkhano unapitirira.

Apa ndi pamene mtima umakuuza kuti ingolemba K550,000, poti ndi zoonekeratu. Ine sindivomereza zimenezo, ndipo ndimalimbikira kwambiri pamenepa. Mu msonkhano umenewo palibe amene ananena 550. Ukailemba ngati yanenedwa, waika mawu mkamwa mwa msungichuma, ndipo tsiku lina wina akadzamvetsera rekodi n'kupeza 520 adzati mlembi anasintha manambala, kenako adzakayikira maminitsi onse, ngakhale mbali zimene zili bwino. Komanso 520 ija payokha ndi umboni, ikukuuza kuti penapake pali pepala lolembedwa 250, ndipo sunadziwebe chifukwa chake. Mwina buku ndi limene lalakwika, kapepala kali bwino. Chiongoladzanja chikuloza ku 280, zonse pamodzi zikuloza ku 250, ndiye amene angadule mlandu ndi eni buku, osati wotayipa. Kulemba 520 osanenapo kanthu nakonso n'kulakwa, chifukwa wawona kuti manambala sakugwirizana koma wawapatsira anthu choncho, ndipo ndi nambala imeneyo imene akagawanire ndalama.

Chimene ndimachita ndi kulemba zonenedwazo, n'kuikapo ndemanga yooneka kuti ndi ya wolemba. Mu zolemba za mawu ndi mawu zimaoneka chonchi:

00:16:40 Msungichuma: Zonse pamodzi ndi K520,000. [Ndemanga ya wolemba: ngongole zitatuzi, potengera K280,000 yokonzedwa pa 00:14:20, zikukwana K550,000. K520,000 ikutuluka ngati tigwiritsa K250,000. Zitsimikizidwe ndi buku.]

Ndemanga yotere ikhale m'mabulaketi nthawi zonse, ikhale ndi nthawi ya mu rekodi, kuti aliyense athe kupita pamalopo n'kumva yekha.

Tsopano nkhani ya a tcheya, imene kwa ine ndi yovuta kuposa zonsezi chifukwa si ya makutu, ndi ya ulemu wathu womwewu. Msungichuma atatchula K150,000 ya nambala foro, pa 00:17:30 a tcheya analowerera, "Amayi, imeneyo si wani fifite, ndi wani sate." Msungichuma anayankha kuti, "Eya a tcheya... chabwino, tiona m'buku." Wotayipa wothamanga amva "eya" ndi "chabwino" n'kulemba kuti ngongole yakonzedwa kukhala K130,000. Koma tonse tikudziwa kuti "eya" wopita kwa munthu wamkulu pagulu nthawi zambiri amangotanthauza kuti ndakumvani, sindikufuna tikangane pano. Mayiwa sanabwereze nambala ya a tcheya, sanati "zoonadi ndi wani sate", sanatinso pepani. Anakankhira nkhani ku buku, kumene ndi kukana kwaulemu. Ndiye apa palibe kudzikonza, pali anthu awiri amene atchula manambala awiri osiyana, ndipo maminitsi ayenera kunena choncho, kuti msungichuma anati K150,000, wapampando anati K130,000, anagwirizana zoti ayang'ane m'buku. Chizindikiro chimene ine ndimadalira kuti munthu wavomeradi kukonzedwa ndi chakuti abwereze nambala yatsopanoyo ndi pakamwa pake, kapena aigwiritse ntchito kutsogolo powerengera zina. Kupanda apo ndimaitenga kuti sinathe.

Mawu amene anthu amagwiritsa ntchito podzikonza nawonso si ofanana mphamvu. "Ayi", "pepani", "ndanama", "ndalakwitsa", "osati", awa akufafaniza zimene zanenedwa. Koma "kapena" ndi "kaya" ndi ena. Munthu akati "tinagula matumba fote, kapena fote faifi" sanakonze, akukayika, ndipo ukalemba 45 yokha wamupatsa kutsimikiza kumene iye alibe, lemba 40 kapena 45 momwe wanenera. "Ndiye kuti" kawirikawiri akuwerengera, monga "anapereka sikisite, ndiye kuti fote" pamene 40 ndi yotsala, si kukonza 60. Palinso kuonjezera, "anatenga handiredi... aaa ndi thwente ina ija", apa 20 sikulowa m'malo mwa 100, zikukhala 120. Zonsezi pa pepala zimaoneka ngati nambala ziwiri zotsatizana, koma ndi zinthu zinayi zosiyana.

Tibwerere ku deti lija la 13 Juni, limene ndinali nditalisiya momwe linanenedwera. Patapita mphindi zoposa 25, pa 00:41:10, nkhani itafika pa zindapusa, nambala seveni akuuzidwa kuti ali ndi K5,000 yochedwetsa poti anapereka chiongoladzanja pa 25 Julayi, mwezi utadutsa kale. Mayiyo akukana, akuti, "Ine ndalama ndinatenga titangotuluka m'tchalitchi, kumapeto kwa mwezi, malipiro a bambo a kunyumba anali asanatuluke n'komwe." Pakumveka phokoso, kenako msungichuma, motsitsa mawu, "Ooo eya, ndi pa sate, osati satini." Uku ndi kudzikonza kwenikweni, mwini wake watchula yatsopano n'kukana yakale, koma kwabwera mochedwa kwambiri, pa mutu wina, ndipo sanatchule kuti akukonza zimene ananena pa 00:14:20. Munthu amene akutayipa rekodi m'zidutswa, lero theka mawa theka, kapena anthu awiri agawana rekodi imodzi, sangalumikize ziwirizi. Maminitsi atuluka ndi 13 Juni pa tsamba loyamba ndi 30 pa tsamba lachitatu, palibe woona.

Apa kalendala imathandiza. Pa 13 Juni 2024 linali Lachinayi, pa 18 linali Lachiwiri, pa 30 linali Lamulungu, tsiku limene gululi limakumana komanso logwirizana ndi za kutchalitchi zija. Ndipo onani kulemera kwake, ngati ndi pa 13 mwezi unatha pa 13 Julayi ndipo mayiyo anachedwa, ngati ndi pa 30 anapereka nthawi isanakwane ndipo chindapusa palibe. Nthawi iliyonse munthu akatchula deti pamodzi ndi tsiku la sabata, tsegulani kalendala ya chaka chimenecho muone ngati zikugwirizana, ndi ntchito ya masekondi ochepa. Zikasemphana musasankhe nokha kuti cholondola ndi deti kapena tsiku, ngakhale ine ndaona kuti anthu amakumbukira bwino tsiku la sabata ndi zimene amachita tsikulo kusiyana ndi nambala ya deti.

Chifukwa cha kukonza kochedwa kotereku, ine sinditseka nambala iliyonse ndisanamvetsere rekodi yonse mpaka kumapeto. Ndimakhala ndi pepala lapadera pambali, nambala iliyonse ikatchulidwa ndimalemba nthawi yake, amene wanena, ndi ya chani, ndi momwe yamvekera. Ndikamaliza ndimasonkhanitsa mizere yonse ya chinthu chimodzi. Ya ngongole ya nambala seveni inatuluka mizere isanu, 250, kenako eyite, kenako 56, kenako 520, ndi wina umene ndikuuzeni tsopano.

Pa 00:58:00, msonkhano ukupita kumapeto, msungichuma akukumbutsa amene sanamalize kubweza, akuti "nambala seveni, thu fifite ija isafike Khirisimasi." Ndi iyi nambala yomaliza kutchulidwa pa ngongoleyi mu rekodi yonse. Kalamulo kaja kakuti lemba K250,000. Koma mvetserani mmene yanenedwera, palibe "ayi", palibe "pepani", palibe kuima kapena kutembenuza pepala, yangodutsa mkati mwa chiganizo china ndi "ija" kumapeto. Munthu akakhala ndi nambala m'mutu kwa nthawi yaitali, olo aikonze, pakapita kanthawi lilime limabwerera ku yakale. Kudzikonza kwenikweni kumakhala ndi zizindikiro, munthu amadula mawu, amakweza kapena kutsindika pa nambala yatsopanoyo, nthawi zambiri amapepesa. Apa panalibe chilichonse mwa izi. Komabe sindinaifafanize, ndinailemba momwe inanenedwera ndi ndemanga yolozera ku 00:14:20.

Mwina mukufunsa kuti nanga zonsezi zilowa bwanji mu maminitsi, anthu sangawerenge ndemanga tsamba lonse. Zoona, ndipo apa tisiyanitse zolemba ziwiri. Za mawu ndi mawu, zimene ochita kafukufuku amafuna kapena pakakhala mkangano, zimasunga zonse, nambala yolakwika, "ayi pepani", ndi yokonzedwa, chifukwa kukayika kwa munthu nakonso ndi nkhani. Pamalo ovuta ngati aja ndimasiya nambala m'mawu momwe inatulukira, "thu handiredi fifite sauzande... ayi pepani, eyite", chifukwa ndikangolemba K280,000 ndabisa kuti panali kusankha. Maminitsi ndi ena, amafuna chimene chatsimikizika, mwachidule. Koma kuti chitsimikizike ndinalembera mlembi wa gulu mafunso atatu okha, lililonse ndi nthawi yake, kuti akafunse msungichuma buku lili pamanja. Ndipo funso lizikhala lotseguka, "ngongole ya nambala 7 m'buku ndi zingati, ndipo inatengedwa liti", osati "ndi 280 eti?" chifukwa funso lachiwirili munthu wotanganidwa amangoti eya.

Yankho linamasula zonse. Nambala seveni analandira K250,000 pa Mpamba, meseji yake ikuonetsa 30 Juni, ndipo tsiku lomwelo anaonjezeredwa K30,000 pamanja kuchokera mu ndalama zimene zinasonkhedwa pamsonkhano. Msungichuma pokonza kapepala kake anatengera meseji ya pafoni, buku linali ndi zonse ziwiri. Ndiye 250 sinali nambala yongolota, inali gawo la ngongole, n'chifukwa chake inkabwererabwerera. Mu maminitsi munalowa kuti ngongole ya nambala 7 ndi K280,000, yotengedwa pa 30 Juni 2024, ndi kamzere kamodzi koti mumsonkhano munatchulidwanso K250,000 ndi 13 Juni koma msungichuma anakonza ndipo buku latsimikiza.

Pa zaka ndinenepo pang'ono, poti ochita kafukufuku amakumana nazo kwambiri. Anthu ambiri sakumbukira chaka ndi nambala, amakumbukira ndi chochitika. Mukamacheza ndi munthu wa ku Chilobwe kapena ku Soche akati "nyumba inagwa 2022... ayi, nthawi ya Freddy", wadzikonza ndi dzina la namondwe, ndipo Freddy anafika kuno mu Malichi 2023. Musasinthe mawu ake, lembani momwe wanenera, chaka muike mu ndemanga. Ndipo samalani, chifukwa mu Januwale 2022 kunalinso namondwe Ana amene anaononga m'chigawo chakummwera chino, ndiye 2022 ija mwina si kulakwitsa, mwina munthuyo akusakaniza zochitika ziwiri. Chimodzimodzi "chaka chatha", "mwezi wathawu", "dzana", "Lachisanu likubwerali", zonsezi zimadalira tsiku limene rekodi inajambulidwa. Msonkhano wa mu Disembala ukatayipidwa mu Januwale, "chaka chino" chasanduka chaka chatha. Deti lojambulira lizikhala pamwamba pa tsamba loyamba, ndipo ndi bwino wojambula alitchule ndi pakamwa rekodi ikangoyamba, osadalira deti la fayilo limene limatha kusintha mukaikopera kwina.

Zambiri mwa izi zikhoza kupewedwa mumsonkhano momwemo, ndipo alembi a magulu ndimawapempha chinthu chimodzi. Munthu akangodzikonza pa nambala, inu bwerezani nambala yonse mokweza, pafupi ndi foni, imodziimodzi, "ndiye ndilembe thu, eyiti, ziro, sauzande, eti amayi?" n'kudikira ayankhe. Pa madeti a sate ndi satini nenani "wani firii" kapena "firii ziro", kapena onjezerani tsiku la sabata. Ena amaopa kuti kudula munthu wamkulu pakamwa ndi mwano, koma mlembi ali ndi chilolezo chimenecho, ndi udindo wake, ndipo "pepani a tcheya, ndifuna ndilembe bwino" palibe amene amakwiya naye. Mzere umodzi ukakonzedwa funsaninso pomwepo ngati zonse pamodzi zasintha, chifukwa 520 ija ikanagwidwa tsiku lomwelo.

Ya nambala foro ija sinathe msanga. M'buku munalembedwa K150,000 koma pambali pake pali K20,000 yolembedwa ndi pensulo, yopanda deti ndi siginecha, ndipo mwini ngongole anali atapita kumudzi ku Thyolo kumaliro. Mwina anabweza K20,000 n'kutsala 130 imene a tcheya amanena, mwina ndi zina. Maminitsi anapita kwa mamembala ndi mzere woti ngongole ya nambala 4 ndi K150,000 malinga ndi msungichuma, K130,000 malinga ndi wapampando, idikira mwini wake abwere, ndipo zonse pamodzi zinalembedwa pawiri, K550,000 kapena K530,000.